Momwe mungawerengere paketi ya mbewu ndi thumba la feteleza musanapereke ndalama

Madzi akangoyamba kuphwa m'madambo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, aliyense amathamangira mbewu ya kudimba. Pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula mapaketi amakhala ali mbwee, ena m'sitolo, ena pamphasa panja. Vuto n'lakuti zolembedwa pamenepo n'zachingerezi, ndipo ambirife timangoona chithunzi cha chimanga chachikulu n'kutulutsa ndalama. Nanenso ndinkatero mpaka chaka chomwe dimba langa la theka la ekala linamera modumphadumpha. Kuyambira pamenepo ndimawerenga, ndipo ndimatsata motere.

Choyamba: dziwani ngati ndi haibulidi kapena OPV

Haibulidi ndi mbewu yomwe akatswiri anaipanga pokwatitsa mitundu iwiri kapena itatu ya chimanga yosankhidwa bwino. Mwana wobadwayo amakhala wamphamvu kuposa makolo ake, koma mphamvuyo imakhala yokwanira pa kudzala koyamba kokha. Mukatenga za m'nkhokwe n'kudzalanso, mapesi amatuluka osiyanasiyana, ena aatali ena aafupi, ndipo zokolola zimatsika. N'chifukwa chake haibulidi timagula chaka ndi chaka. Pa mapaketi a tomato ndi kabichi mukaona F1, tanthauzo lake n'lomweli.

OPV ndi mbewu yamakono ndithu, koma iyo mungasunge n'kudzalanso kawiri kapena katatu musanagule yatsopano, bola munda wanu usakhale pafupi kwambiri ndi wa chimanga cha mtundu wina, poti mungu umayenda ndi mphepo. ZM 309 ndi ZM 523 zili m'gulu limeneli. Mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2 nawonso mungasunge mbewu yake. Kumunda wa mvula, komwe chilala chimatigwira pafupipafupi, ine sindiona chifukwa chotayira ndalama zonse pa haibulidi. Kudimba, komwe chinyontho n'chodalirika, ndiye haibulidi imabweza ndalama zake.

Chachiwiri: onani masiku okhwimira

Pa paketi amalemba masiku omwe mbewu imatenga kuti ikhwime. Nambala ya dzina imathandizanso. Pa mbewu zoyamba ndi SC, nambala ikamakwera ndiye kuti mbewuyo imachedwa: SC 403, yomwe timati Kanyani, imacha msanga, SC 627 Mkango ndi yapakati, ndipo SC 719 Njovu imafuna nyengo yaitali ndi mvula yambiri. Kuno kuchigwa mvula imadula msanga, ndipo kudimba mukulimbana ndi chinyontho chomwe chikutsika tsiku ndi tsiku, choncho tengani yocha msanga. Njovu isiyireni anzathu a kumtunda.

Chachitatu: kachizindikiro ka satifayidi, ndi deti lake

Apa ndi pomwe ndinagwa, ndiye ndikhalitsapo.

Mawu oti satifayidi amatanthauza mbewu yovomerezeka. Akuluakulu oyendera mbewu a boma, omwe likulu lawo lili ku Chitedze, amakayendera munda womwe mbewuyo ikulimidwa, kenako amatenga zitsanzo n'kuziyesa kuti aone ngati ndi mtundu weniweniwo, ngati ilibe zinyalala, komanso kuti pa njere 100 zingati zikumera. Ikapambana, paketi imalandira kachizindikiro kolembedwa dzina la mbewu, nambala ya gulu lomwe inapakidwira, kameredwe kake ndi deti lomwe inayesedwa. Mapaketi ena ali ndi kamalo kokanda ngati ka mayunitsi: mumakanda, n'kutumiza nambalayo pa foni potsata malangizo ali pompo, ndipo yankho limakuuzani ngati mbewuyo ndi yeniyeni. Kandani muli m'sitolo momwemo, osati mutafika kunyumba.

Zonsezi ndinkazidziwa pang'ono. Ndinkadziwanso za anyamata a pamsika omwe amasankha chimanga cha m'nkhokwe, kuchipaka utoto wofiira kapena wobiriwira, n'kuchithira m'mapaketi otola. Amenewo ndinawapewa. Ndinalowa m'sitolo yeniyeni, ndinagula makilogalamu 5 a haibulidi, kachizindikiro kalipo, paketi yosatsegula, mtengo wotsikirako pang'ono poyerekeza ndi kwina. Chimene sindinayang'ane ndi deti.

Ndinadzala njere imodzi pa phando, masentimita 25 pakati pa mapando ndi 75 pakati pa mizere, monga alangizi amanenera. Pa theka la ekala amenewo ndi mapando pafupifupi 10,700. Patatha sabata ndi theka ndinayenda mzere ndi mzere, ndipo mapando anayi pa khumi aliwonse anali opanda kanthu. Poyamba ndinaganiza mbewa kapena nkhanga. Nditafukula, njere zinali momwemo, zofewa, zina zitachita nkhungu. Ndinabwerera kukayang'ana paketi: mbewuyo inayesedwa nyengo yathayo. Inagona chaka chonse m'sitolo ya malata.

Anzanga, mbewu ndi chinthu chamoyo, ndipo kutentha kumaipha pang'onopang'ono ngakhale paketi isanatsegulidwe. Inu mukudziwa momwe m'nyumba ya malata mumakhalira mu Okutobala ndi Novembala kuno, pomwe panja penipeni pamapitirira madigiri 40. Kachizindikiro kamanena zoona za tsiku lomwe mbewu inayesedwa, osati za tsiku lomwe inu mukugula. Paketi yomwe ingapirire pa alumali ku Dedza singapirire chimodzimodzi pa Ngabu.

Ndinapakiza, koma kudimba kupakiza mochedwa n'kungodzitonthoza. Dothi la pamwamba linali litauma kale, ndipo zomwe zinamera zinaphimbidwa ndi zinzake zazikulu. Nditabwerera kusitolo, mwini wake anati, "Bambo, paketi munaitsegula nokha, ine ndidziwa bwanji kuti munadzala bwino?" Ndinalibe poyankha.

Tsopano ndimachita ziwiri. Ndisanalipire ndimayang'ana deti, ndipo ngati ndi la nyengo yatha popanda chizindikiro chakuti inayesedwanso, ndimaisiya ngakhale atsitse mtengo chotani. Ndikagula, ndimaiyesa ndekha kutatsala sabata imodzi kuti ndidzale. Tengani njere 100 mosasankha, kuchokera m'mapaketi onse omwe mwagula. Nyowetsani chiguduli kapena kansalu, yalani njerezo m'mizere khumi ya khumikhumi, pindani ngati mkeka n'kuika pamthunzi. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo, chifukwa kuno nsalu imauma msanga, koma isamire m'madzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri werengani zomwe zatulutsa muzu ndi mphukira zonse ziwiri. Zikafika 90 kapena kuposa, dzalani imodzi pa phando. Zikakhala cha m'ma 70 kapena 80, ikani ziwiri mudzapatulire, podziwa kuti mbewu yomwe munagula siikwananso munda wonse. Zikatsika kuposa apo, nyamulani nsaluyo pamodzi ndi lisiti ndi mapaketiwo mubwerere nazo, ndipo mlangizi wa m'dera lanu adziwe. Lisiti muzipempha nthawi zonse.

Utoto womwe uli pa mbewu yeniyeni ndi chenjezo lakuti yathiridwa mankhwala. Yotsala musaipititse kuchigayo, musapatse nkhuku, ndipo ana asaseweretse.

Chachinayi: manambala a pa thumba la feteleza

Thumba la NPK lomwe lafala masiku ano limalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Achikulire akukumbukira la kale la 23:21:0+4S lomwe tinkati Chitowe. Manambala atatu oyambawo akunena kuchuluka kwa zakudya zitatu pa makilogalamu 100 aliwonse. Yoyamba, N, ndi nayitirojeni, wobiriwitsa masamba ndi kukulitsa phesi. Yachiwiri, P, ndi fosifolasi, wa mizu. Yachitatu, K, ndi potaziyamu, wolimbitsa mmera. S ndi salufa, Zn ndi zinki. Choncho m'thumba la makilogalamu 50 muli nayitirojeni wokwana makilogalamu 11.5.

NPK ameneyu ndiye wokulitsa, yemwe pa thumba amamutcha wa bezo, kutanthauza wapansi, woyambira. Amathiridwa podzala kapena chimanga chikangomera, chifukwa fosifolasi sayenda m'dothi ndipo mmera umamufuna mizu ikadali yaing'ono. Kumusunga mpaka chimanga chifike m'mawondo n'kumuwononga.

Chachisanu: topu diresing'i

Ameneyu ndi wobereketsa, wothira kachiwiri chimanga chili kale m'munda. Nthawi zambiri ndi yuleya, wolembedwa 46% N. Alibe china koma nayitirojeni, makilogalamu 23 pa thumba, kuwirikiza kawiri wa mu NPK. CAN, yemwe timati kani, ali ndi pafupifupi 27%, ndiye musamuyerekeze mtengo thumba kwa thumba ndi yuleya.

Dzina lakuti wobereketsa limasocheretsa anthu, amadikira ngaiyaye. Ayi, thirani patatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Boolani kadzenje masentimita 10 kuchoka pa phesi, kuya chimodzimodzi, thirani, kwirirani. Kukwirirako musakulumphe: yuleya wosiyidwa pamwamba pa dothi lotentha amauluka ngati mpweya, ndipo wokhudza phesi amaotcha. Dothi likhale lonyowa. Kudimba, ngati pamwamba pauma, kumbani mpaka mupeze chinyontho kapena thirirani kaye.

Muyeso wodziwika pa hekitala ya chimanga ndi matumba awiri a NPK ndi atatu a yuleya. Pa theka la ekala ndi makilogalamu 20 ndi 30, kapena kuti magalamu awiri a NPK ndi atatu a yuleya pa phando, osapitirira kachitsekerero ka botolo. Madimba omwe madzi osefukira amasiyamo dothi latsopano chaka chilichonse safuna wochuluka chonchi, ndipo ambiri kuno sathira n'komwe. Ine ndimayang'ana masamba a m'munsi: akayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata msempha wapakati, yuleya akufunika.

Za ogulitsa feteleza wa pambale, chenjerani, ena amasakaniza mchenga. Thirani supuni ya yuleya m'kapu ya madzi n'kutakasa: weniweni amasungunuka yense ndipo kapu imazizira. Chikatsala pansi, musagule. NPK sayesedwa choncho poti sasungunuka yense, ndiye pa iyeyo onani ngati msoko wa thumba sunasokedwe kawiri, ndipo likwezeni pa sikelo.