Musafunse ngati adzagula, funsani zomwe anachita kale

Musanalipire wopanga pulogalamu kapena kugula zipangizo, kachezeni kaye ndi anthu amene mukuganiza kuti adzagwiritsa ntchito chinthu chimene mukufuna kupangacho. Koma pewani funso lomwe ambiri amathamangira: "Nditapanga chakutichakuti, mungagule?" Munthu safuna kukugwetsani mphwayi, ndiye amangovomera. Kuvomerako sikumutayitsa kanthu, pamene inu mukawononga ndalama chifukwa cha mawu amenewo.

Tiyerekeze kuti mukufuna kupanga pulogalamu ya pafoni yolembera ngongole za makasitomala m'mashopu ang'onoang'ono. Mukafika kwa mwini shopu, pulogalamuyo musaitchule n'komwe. Mufunseni za zomwe zinamuonekera: "Ndi liti pamene kasitomala anakukanirani ngongole? Munatani? Panopa mumalemba pati?" Akatulutsa kope, pemphani mulione. Masamba othothoka ndi manambala ofufutafufuta adzakuuzani zimene iye waiwala kunena. Kenako funsani kuti anataya ndalama zingati, komanso ngati anayesapo njira ina.

Funso la njira ina limeneli ine ndimalidalira koposa onse. Amene vuto likumupweteka amakhala atayesapo kale kenakake: anagula kope lachiwiri, anayamba kusainitsa okongola, mwina anasiyiratu kukongoza. Koma wongoti "ee, zimavutadi", osakumbukira tsiku limene zinamuchitikira, ameneyo vutolo analizolowera, ndipo n'zokayikitsa kuti angalipire kuti lithe.

Chezani ndi anthu 10 mpaka 15, mmodzimmodzi, kwa mphindi 20 kapena 30 aliyense. Pagulu anthu amangotsatira amene wayamba kulankhula. Achibale ndi anzanu asiyeni, chifukwa amakukondani ndipo adzakuyamikirani basi. Inu lankhulani pang'ono, ndipo mawu awo enieni muwalembe tsiku lomwelo musanayambe kuwakometsera m'mutu mwanu.

Tsono tinene kuti mwacheza ndi anthu 12. Atatu okha ndi amene anasokonezapo mawerengero, koma asanu ndi atatu akuti kope lawo lili bwinobwino, chimene chimawavuta n'kulonjerera ngongole popanda kudana ndi kasitomala. Apa vuto lilipo ndithu, koma si limene munanyamula pochoka kunyumba. Pulogalamu yolembera ikanangokhala osagwiritsidwa ntchito. Bwererani kwa anthu ena atsopano mukafunse za kulonjererako: amakumbutsa bwanji, kangati, ndipo amagwa ulesi pakapita nthawi yaitali bwanji.

Kucheza kokha sikungakuuzeni mtengo umene anthu angalolere kulipira. N'chifukwa chake pomaliza muzipempha chinthu chimene munthu sangapereke mwaulemu chabe: tsiku loti mudzabwerenso, kukulozerani kwa mnzake wa vuto lomwelo, kapena kachikole kochepa. Amene wayankha kuti "mudzandiuze chikadzatuluka" mumulembe m'gulu la okana.