Mawu ovuta kuwerenga m'buku la kuchipatala musamalotere

Dzinja lino ndaona cholakwa chimodzi chikubwerezabwereza, kuyambira ku Lunzu mpaka ku Bangwe. Munthu wauzidwa kuti mankhwala akagule kufamase, ndiye amapatsa buku mwana wasukulu kuti akopere zomwe adokotala alemba, atumize pafoni kwa m'bale wa ku Limbe. Mwanayo akafika pamawu okhotakhota, kapena pomwe inki yasungunuka ndi mvula, safuna kuoneka mbuli. Amangomalizitsa yekha dzinalo.

Kulotera kotereku n'koopsa kuposa kusiya mpata, chifukwa uthenga wa pafoni umaoneka waukhondo. Wogulitsa sangadziwe kuti theka la dzinalo ndi la adokotala, theka lina ndi la mwana wa fomu 2.

Bambo wina wolima tomato ku Lunzu anandionetsa buku la mayi ake odwala khunyu. Pamzerepo pankaoneka bwino zilembo zinayi, carb, kenako kamzere kokwawa ngati nyongolotsi, kenako 200mg bd. Mdzukulu analemba carbimazole. Amenewo ndi mankhwala a chithokomiro, pomwe a khunyu ndi carbamazepine. Mwayi wake wogulitsa anadabwa ndi mlingo: carbimazole amabwera m'timapiritsi ta mamiligalamu 5 mpaka 20, sangalembedwe 200. Anakana kugulitsa. Pofika poti buku lenileni lifike m'tauni panadutsa masiku atatu, agogo osamwa kanthu, mpaka anagwa ali kudimba. Ya minibasi inalipiridwa kawiri.

"Alangizi, mwanatu anayesetsa," anatero bamboyo. Ndinawafunsa ngati angathire m'tomato mankhwala a m'botolo lofufutika dzina pongoti likufanana ndi la chaka chatha. Anangoseka. Nanga bwanji amayi anu? Chizolowezi chomati wophunzira sangalephere kuwerenga chinanditopetsa ine. Ngakhale anamwino amabwerera kukafunsa amene walemba.

Manambala nawonso amapusitsa. Kadontho ka pa 2.5mg kakazimirira, mlingo umasanduka 25, kuchulukitsa kakhumi. Ena akaona 5/7 amayesa mapiritsi asanu, chikhalirecho akutanthauza masiku asanu. Za bd, kawiri patsiku, ndi tds, katatu, nonse mukuzidziwa, koma zikalembedwa mothamanga zimafanana.

Pokopera, mankhwala aliwonse akhale pamzere wakewake: dzina, mlingo, kangati patsiku, masiku angati. Lembani zilembo zokhazo zomwe maso anu akuona, posaoneka ikani zizindikiro zofunsira, chonchi:

```
carb???? 200mg bd 1/12
```

Apa 1/12 ndi mwezi umodzi. Mukakayika nambala, chitani chimodzimodzi, ngakhale pakhale malo asanu okayikitsa patsamba limodzi. Jambulani tsambalo poyera mutumize pamodzi ndi uthengawo, ndipo tchulani matenda omwe munthuyo akudwala. Wa kufamase akalepheranso kuwerenga, buku libwerere kwa amene analemba.