Kuunika nkhani ya ku yunivesite musanaipereke

"Ndalemba masamba 6 onena za kolera ku komboni ya Kanyama mu Lusaka, ndipereka Lachisanu ku yunivesite ya UNZA. Ndingadziwe bwanji ngati mfundo yanga yaikulu ikumveka ndipo ndime zonse zikuichirikiza?"

Sindikizani nkhaniyo papepala, mutenge cholembera.

Choyamba, m'ndime yoyamba dulani mzere pansi pa chiganizo chimodzi chonena zimene mukutsimikiza. Chiyeseni motere: kodi munthu angachitsutse? "Nkhaniyi ikamba za kolera ku Kanyama" palibe angatsutse, ndiye kuti ndi mutu chabe. Koma "Kolera imabwerabwera ku Kanyama makamaka chifukwa zimbudzi zokumba zimaipitsa zitsime zosazama, osati chifukwa anthu sadziwa zaukhondo" ndi mfundo, pakuti wina angaikane ndipo inu muyenera kubweretsa umboni.

Kenako m'mphepete mwa ndime iliyonse lembani mawu osapitirira 6 onena chimene ndimeyo ikutsimikiza. Apa ndi pomwe ine ndimathera nthawi. Mukalemba "madzi apansi ali pafupi, komanso misika", ndimeyo yanyamula ziwiri, igaweni. Mukasowa cholemba, mwangounjika zimene munawerenga.

Tsopano werengani mfundo ija mokweza, munene "chifukwa", muwonjezere mawu a m'mphepete amodziamodzi. "Chifukwa mvula ikagwa zimbudzi zimasefukira" zikugwirana. "Chifukwa kolera inabukanso mu 2017" sizikugwirana: imeneyo ndi mbiri, ifupikitseni ipite kumayambiriro. Ndime yoyankha otsutsa iyeseni ndi "ngakhale".

Pomaliza yerekezani mathero ndi chiyambi. Nthawi zambiri mfundo yakupsa imatulukira kumathero; ngati zatero, isamutsireni kutsogolo, muyesenso ndime zija.