Momwe mungalembere masheya m'mabuku, kuyambira pogula mpaka pogulitsa

Masheya a makampani monga Illovo, TNM kapena National Bank amagulitsidwa pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, koma simungagule nokha, mumadzera kwa buloka wovomerezeka, yemwe amagula ndi kugulitsa masheya m'malo mwanu. Ife a kuno ku Zomba mafomu timangotumiza pa imelo pamodzi ndi chiphaso chaunzika, buloka amatsegula akaunti ya CSD yosungiramo masheya anu, ndalama mumatumiza kubanki basi. Aja omwe amati ali ndi masheya otchipa pa WhatsApp, tumizani pa foni, asiyeni, mudzalira.

Tiyerekeze kuti gulu lanu la ku Chinamwali lagula masheya 10,000 pa K50 imodzi. Mu buku lembani katundu wa K500,000, ndalama kubanki zatsika ndi K500,000. Komishoni ya buloka ilembeni padera ngati ndalama yogwiritsa ntchito, ngati masheyawo mwagula kuti mudzagulitse mtengo ukakwera. Kapepala komwe buloka amatumiza mukagula kasungeni bwino.

Tsopano pa 31 Disembala, potseka mabuku a chaka. Onani mtengo womwe sheya yatsekera pamsika tsiku lomaliza la malonda, osati womwe mwamva kwa mnzanu mu minibasi. Tinene kuti ndi K65. Ndiye kuti masheya anu afika K650,000, mumawonjezera K150,000 pa katundu uja ndipo K150,000 yomweyo mumailemba ngati phindu la chaka chimenecho. Koma chonde lembani pambali kuti phinduli ndi la papepala, palibe tambala yomwe yalowa kubanki. Kwathu anthu ataona nambalayi pamsonkhano anayamba kuwerengetsa kuti aliyense alandira zingati za Khirisimasi, zinavuta kuwauza kuti ndalamazo kulibe. Mtengo ukanatsika kufika K40 mukanachotsa K100,000 n'kulemba kuti mwaluza, njira yake ndi yomweyo.

Pomwe mabuku athu anasokonekera ndi pogulitsa. Tinene kuti mu Malichi chaka chotsatira mwagulitsa onse pa K72, mwapeza K720,000. Mutu umathamangira kuchotsa K500,000 yogulira ija n'kulemba phindu la K220,000, koma iyayi, K150,000 munailemba kale chaka chatha. Chaka chino muchotse K650,000 yomwe ili m'buku, phindu ndi K70,000 basi. Zaka ziwirizo mukaphatikiza ndiye K220,000 ija. Mukalemba yonse chaka chino ndiye kuti K150,000 mwaiwerenga kawiri, ndipo mudzadziwira apa: akaunti ya masheya imatsala ndi K150,000 pomwe mulibe sheya ngakhale imodzi. Iyenera kutsala pa ziro.

Komishoni yogulitsira buloka amadula yekha, ndiye kubanki kufika yochepera K720,000, kusiyanako lembani ngati ndalama yogwiritsa ntchito. Za msonkho wa phindulo funsani ku MRA musanagawane.