Lekani kuyeza kukula kwa munda pa mapu a Mercator

Nyengo ino yokonzekera dzinja, anthu ambiri amene akulemba kukula kwa minda akulakwitsa chinthu chimodzi. Amatsegula chithunzi cha setilaiti pa kompyuta, n'kujambula malire a munda, n'kulamula pulogalamu kuti iwerengetse mahekitala, osayang'ana kuti chithunzicho chinayalidwa motani. Ena amasindikiza mapu n'kuyeza ndi rula. Nambala imene amapeza imaoneka yokhulupirika chifukwa yachokera m'makina, koma imakhala yokulirapo kuposa munda weniweni, ndipo kulakwikako kumaloza mbali imodzi nthawi zonse: mapu a Mercator, omwe ndiwo kayalidwe ka zithunzi zambiri za pa intaneti, amawonjezera, sachotsera.

Gwero la vutoli lili pa mizere ya mapu. Pa dziko lenileni, mizere yotsika kuchokera kumpoto kupita kummwera imatalikirana kwambiri pa ikweta, kenako imayandikirana pang'onopang'ono mpaka kukakumana pa nsonga ziwiri za dziko. Ndiye kuti mizere yopingasa imafupika mukamachoka pa ikweta. Ikweta ndi yaitali makilomita 40,075, pomwe mzere wopingasa wa madigiri 60 ndi theka chabe, pafupifupi makilomita 20,000. Pa nsonga penipeni mzere umathera pa kadontho. Koma pa pepala la makona anayi mizere yotsika ija imajambulidwa yoongoka, yosakumana, kotero kuti mzere wa makilomita 20,000 uja umakokedwa mpaka kulingana ndi ikweta. Chilichonse chili pamenepo chatambasulidwa kawiri kuchokera kuvuma kupita kuzambwe.

Gerardus Mercator, amene anatulutsa mapu ake mu 1569, ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Pofuna kuti maonekedwe a magombe asapunduke, anatambasulanso mbali ya kumpoto ndi kummwera ndi muyeso womwewo. Pa madigiri 60, m'lifupi kawiri, m'litali kawiri, malo aoneka okula kanayi. Anachita dala, chifukwa mapuwo anali a amalinyero: munthu akalemba mzere woongoka pakati pa madoko awiri, ngodya ya mzerewo inali yomwe akatsate pa kampasi ulendo wonse. Pa ntchito imeneyo mapu a Mercator alibe chilema. Kuyeza kukula kwa malo sinali ntchito yake, ndipo zaka zoposa 450 zadutsa anthu akuwasenzetsabe katundu amene si wawo.

Kutambasukako kumawerengetsedwa motere, pomwe φ ndi madigiri a malowo kuchokera pa ikweta, k ndi muyeso wa kutambasukako, ndipo cos ndi kosaini, amene mungamupeze pa makina owerengetsera masamu:

```
utali:  k = 1 / cos(φ)
kukula: k² = 1 / cos²(φ)
```

Pa madigiri 30 malo amakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa madigiri 45 amakula kawiri, pa 60 kanayi, pa 80 kupitirira ka 30. Pa madigiri 90 cos(φ) ndi ziro, ndipo simungagawe nambala ndi ziro, n'chifukwa chake nsonga za dziko sizioneka pa mapu amenewa. Mapu a pa intaneti amadulidwa cha pa madigiri 85. Kutambasuka komweku ndi chifukwa chake Greenland, chilumba cha kufupi ndi nsonga ya kumpoto, amaoneka ngati akulingana ndi Afirika, chikhalirecho Afirika ali ndi masikweya kilomita oposa 30 miliyoni pomwe Greenland ali ndi 2.2 miliyoni osakwana bwino. Afirika ndi wamkulu ka 14. Dziko la Democratic Republic of Congo palokha limaposa Greenland, koma mukaona pa mapu a pakhoma simungavomere.

Apa ndi pomwe anthu amandiyankha kuti zimenezo ndi za kumadera oundana, ife tili pafupi ndi ikweta. Yankho limeneli ndi lomwe likuwonongetsa zinthu. Kutambasuka sikuyambira pa madzi oundana, kumayamba mukangochoka pa ikweta, kungoti diso silikuona.

Mlimi wina wolima cha pa madigiri 15 anali ndi munda woyezedwa kale ndi tepi, wa mahekitala 4. Mwana wake anaujambula pa kompyuta n'kupeza mahekitala 4.3. Bamboyo anasangalala, amvekere: “Makinawa ndiye anena zoona, a tepi aja anandibera.” Anagula mbewu ndi feteleza wa mahekitala 4.3, anawerengera aganyu pa muyeso womwewo, mpaka anayamba kukayikira mnzake wa m'malire kuti mwina anasuntha chizindikiro. Palibe anamubera kanthu. Cos ya madigiri 15 ndi 0.966, mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 0.933; mukagawa 1 ndi 0.933 mupeza 1.07. Mahekitala 4 kuchulukitsa ndi 1.07 ndi pafupifupi 4.3 yemweyo. Masikweya mita 3,000 amene bamboyo ankati wapeza anali pa kompyuta pokha. Tiyerekeze kuti amathira makilogalamu 200 a feteleza pa hekitala: wagula makilogalamu 60 a munda umene kulibe. Ndipo pokolola, akadzagawa zokolola ndi 4.3 m'malo mwa 4, adzaganiza kuti nthaka yafooka pomwe sinasinthe.

Munda umodzi kulakwika chotero n'kopiririka. Choopsa n'chakuti ofesi ikaphatikiza minda mazana ambiri yoyezedwa mwa njira yomweyi, zolakwikazo sizifafanizana monga zimachitira zolakwika za tepi, zomwe zina zimapitirira zina zimaperewera. Zonse zimawonjezera. Komanso muyeso wa kuwonjezerako si umodzi: minda ya pa madigiri 10 imakula ndi 3 pa 100 alionse, ya pa madigiri 17 ndi 9 pa 100. Mukayerekeza madera awiriwo, lina mwalikondera osadziwa.

Ena akamva izi amafunsa kuti nanga bwanji osangopanga mapu olondola pa zonse. Sizitheka, ndipo si chifukwa cha kuchepa kwa luso. Carl Friedrich Gauss anasonyeza mu 1827 kuti chinthu chobulungira sichingayalidwe pamalo afulati popanda kukoka kapena kufinya penapake. Dulani mpira wachikopa pakati muyese kuuyala pa tebulo: ukapanda kung'ambika m'mbali, uchita makwinya. Wopanga mapu aliyense amasankha chimene asunge n'kulolera kutaya china, ndipo palibe mapu afulati amene angasunge kukula ndi maonekedwe pa nthawi imodzi.

Mercator anasunga ngodya ndi maonekedwe a malo ang'onoang'ono, nataya kukula. Mapu osunga kukula amachita zosiyana pa mzere wa madigiri 60 uja: poti m'lifupi mwatambasuka kawiri, iwo amafinya m'litali ndi theka, kukula n'kubwerera mwakale, koma dziko limaoneka lophwatalala. Johann Heinrich Lambert anafotokoza njira imeneyi mu 1772. Mapu a Gall-Peters, amene James Gall anawafotokoza mu 1855 ndipo Arno Peters anawatchukitsa mu 1973, ndi a mtundu womwewu, kungoti amalondola pa madigiri 45. Ambiri amawatamanda kuti ndiwo achilungamo, ndipo pa kukula ndi zoona, koma pa ikweta amatalikitsa malo kawiri poyerekeza ndi m'lifupi mwake, kotero Afirika amaoneka wowonda ndi wolendewera. Ine sindingawapachike m'kalasi pomwe pali mapu a Equal Earth, a mu 2018, amene amasunga kukula popanda kupundula makontinenti chotero.

Palinso osunga mtunda, koma kuchokera pa malo amodzi okha. Mapu a pa chizindikiro cha United Nations ndi otero: mtunda wochokera pa nsonga ya kumpoto kupita kulikonse ndi wolondola, koma pakati pa malo ena awiri ayi. Mapu a Robinson a mu 1963 ndi a Winkel a mu 1921 sasunga chilichonse ndendende, amangogawa kupundukako pang'onopang'ono kuti dziko lonse lioneke bwino m'maso. Ndi abwino pophunzitsira, osati poyezera.

Nanga n'chifukwa chiyani mapu a pa foni ndi pa intaneti akugwiritsabe ntchito Mercator? Chifukwa mukakulitsa chithunzi kufika pa tauni, misewu yokumana mopingasa imaonekabe yopingasa ndipo kumpoto kumakhala kumwamba kulikonse. Pofuna njira, zimenezo ndi zomwe mukufuna. Dziwaninso kuti kachipangizo koyezera ka m'mapulogalamu ambiri a mapu kamawerengetsa pa dziko lobulungira, ndipo kamapereka nambala yabwino. Ngozi imabwera mukatenga malire aja n'kuwawerengetsa ngati ali pa pepala lafulati, kapena mukasindikiza dera lalikulu n'kudalira kamzere kosonyeza sikelo, kamene pa Mercator kamalondola pa mzere wopingasa umodzi wokha.

Tsono chochita. Musanayeze chilichonse, yang'anani nambala ya kayalidwe ka mapu. Mu QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira ndi kuyezera mapu, imaoneka pansi kudzanja lamanja. Mukaona `EPSG:3857`, ameneyo ndi Mercator wa pa intaneti, musayezerepo kukula. Mukaona `EPSG:4326`, manambala ali m'madigiri osati m'mamita, ndipo digiri imodzi yopita kuvuma ndi makilomita 111 pa ikweta koma 56 okha pa madigiri 60, choncho nayonso siyoyezera mwafulati. Pa minda ndi madera ang'onoang'ono, sinthirani malirewo ku kayalidwe ka mapu kotchedwa UTM, kamene kamagawa dziko m'zigawo 60 za madigiri 6 chilichonse; manambala ake a EPSG amayamba ndi 326 kumpoto kwa ikweta ndi 327 kummwera, manambala awiri otsiriza n'kukhala a chigawo chanu. Pakati pa chigawo UTM imafupikitsa kilomita ndi masentimita 40 okha, kotero munda wa mahekitala 4 uja sungalakwike ndi masikweya mita 100 n'komwe. Musatenge chigawo cha kutali ndi kwanu, kulakwika kumakula msanga mukatuluka m'malire ake. Dera likakhala lalikulu kudutsa zigawo zingapo, gwiritsani ntchito mapu osunga kukula, monga a Albers kapena a Lambert.

Mu QGIS samalani ndi malamulo awiri ofanana maina:

```
$area
area($geometry)
```

Loyamba limawerengetsa pa dziko lobulungira ngati munasankha muyeso wa dziko monga `WGS 84` m'makonzedwe a ntchito yanu. Lachiwiri limawerengetsa mwafulati nthawi zonse, motsata kayalidwe ka fayiloyo. Ngati munalemba kale manambala ndipo mukukayika, tengani munda umodzi woyezedwa ndi tepi, gawani nambala ya pa kompyuta ndi ya tepi. Yankho likayandikira 1 / cos²(φ) ya dera lanu, vuto ndi Mercator, ndipo munda uliwonse waung'ono mungaukonze pochulukitsa nambala yakeyo ndi cos²(φ) ya pamalo pomwe uli. Dera lalikulu musalikonze chotero, popeza φ ya kumtunda kwake imasiyana ndi ya kumunsi. Limenelo liwerengetseni mwatsopano.