Momwe mungakonzere ndondomeko yochongera funso la malamulo a malo

Ngati mumaphunzitsa malamulo a malo kuno ku Tete, ndipo mapepala a mayeso mumachonga muli awiri kapena atatu, ndondomeko yochongera muzilemba tsiku lomwelo limene mwalemba funso. Mukadikira kuti ophunzira alembe kaye, pepala loyamba kuwerenga ndi limene limasanduka muyeso wa ena onse, ndipo wolemba bwino Chipwitikizi amakolola malikisi a mnzake amene waganiza bwino.

Choyamba khalani ndi lamulo lenilenilo patebulo: Lamulo la Malo, nambala 19/97 la pa 1 Okutobala 1997, malamulo ake olitsatira a mu Dekireto 66/98, ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 2004. Chenjerani ndi timabuku tomata kale timene timagulitsidwa m'mashopu a fotokope. Ndinaonapo kena kopanda tsamba lonse la ndime 13 mpaka 16, pomwe pali mtima wa nkhani, ndipo wogulitsayo anali atakweza mtengo kaamba koti mayeso ayandikira. Palinso anyamata ogulitsa "mayankho okonza kale" pa foni, ambiri mwa iwo otengedwa ku malamulo a ku Portugal kapena a ku Malawi, kumene munthu angathe kukhala mwini malo. Mudzawazindikira m'mapepala a ophunzira anu. Pamwamba pa ndondomeko lembani dzina ndi chaka cha lamulo limene mukuchongera.

Funso limene ndimagwiritsa ntchito ndi ili, ndipo anthu ake ndi ongopeka. Mu 2006 nyakwawa ya mudzi wina wa ku Angoniya inapatsa mayi Nabanda ndi amuna awo tchire la mahekitala 3. Anaswa mphanje, akhala akulima chimanga ndi mbatatesi, anakumba chitsime ndi kumanga kanyumba ka njerwa kosungiramo mbewu. Chikalata alibe. Amuna awo anamwalira mu 2021. Mu 2023 alamu awo anagulitsa mundawo kwa wamalonda wa mumzinda wa Tete pa mametikali 60,000, nyakwawa n'kusaina kapepala, ponena kuti pa mwambo wawo munda umabwerera kuchimuna. Wamalondayo anapempha ku boma DUAT, umene ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, msonkhano wofunsa anthu unachitika pa khonde la nyakwawa pali amuna anayi okha, ndipo anapatsidwa chilolezo chongoyembekezera. Alangizeni mayi Nabanda.

Mfundo iliyonse mu funsoli ili ndi ntchito yake. Ikakhala yopanda ntchito, ichotseni, chifukwa wophunzira wina adzataya theka la ola akuilimbana nayo, inu n'kusowa poikira malikisi ake.

Tsopano gawani malikisi 20 a funsoli. Ine ndimapereka 6 pa nkhani yoti kodi mayiyu ali ndi DUAT ngakhale alibe chikalata, 5 pa kugulitsa kwa alamu, 4 pa mwambo umene ukufuna kumulanda, 3 pa chilolezo cha wamalonda, ndi 2 pa malangizo enieni a zoti achite. Ena angagawe mosiyana pang'ono, palibe mlandu. Chachikulu ndi kagawidwe ka mkati mwa nkhani iliyonse. Pa malikisi 6 oyambawo, imodzi ndi ya kuzindikira vuto, 2 ndi a kunena lamulo molondola, 3 ndi a kulumikiza lamulolo ndi zimene zachitikira mayi Nabanda. Woloweza ndime asapitirire theka. Ngati ndondomeko yanu ikulola munthu kufika pa 10 osatchula chaka cha 2006, chitsime kapena amuna anayi aja, ndiye kuti mukuyesa kuloweza basi.

Apa ndi pamene zinativuta chaka china, ndipo ndikhalitsapo. Ndime 12 imapereka njira zitatu zopezera DUAT: kukhala pamalo motsatira mwambo umene sukutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko, kugwiritsa ntchito malo mwachilungamo kwa zaka zosachepera 10 ngati uli nzika ya Mozambiki, ndi kupempha ku boma. Ndondomeko imene tinali nayo inangoti "DUAT ya mwambo, chilembo a". Ophunzira ambiri sanadzere kumeneko. Anawerenga kuchoka 2006 kufika 2023, anapeza zaka 17, n'kunena kuti mayiyu ali ndi ufulu pa chilembo b. Mnzanga wochonga naye anawapatsa ziro pa chigawo chonsecho poti sizinali papepala lathu, ine ndinawapatsa malikisi onse. Mayankho ofanana anasiyana ndi malikisi 6, ndipo pa muyeso wa 20 kusiyana kotere ndi kumene kumaponya munthu pansi pa 10. Tinazidziwa ophunzira awiri okhala nyumba imodzi atabwera ndi mapepala awo limodzi. Mulu wonse tinauchonganso.

Ndiye pansi pa nkhani iliyonse lembani njira zonse zovomerezeka, ndipo munene poyera kuti iliyonse yafika pa malikisi angati. Panopa pepala langa limati: chilembo a chokha kapena b chokha, chofotokozedwa bwino ndi mfundo za nkhani, chifike pa 5, wotchula zonse ziwiri n'kuona kuti b imamupulumutsa mayiyu ngakhale alamu atapambana pa mkangano wa mwambo, apate 6. Lembaninso zolakwa zimene mukuziyembekezera ndi mtengo wake. Chofala kwambiri ndi kusakaniza ziwirizi, kunena kuti DUAT ya mwambo imafunanso zaka 10. Chimenecho ndimachotsera malikisi imodzi pa chigawo cha lamulo, kamodzi kokha, ngakhale achibwereze katatu. Wonena kuti popanda chikalata palibe ufulu waphonya ndime 13 ndi 14, zimene zimati kusowa kwa chikalata kapena kalembera sikuchotsa ufulu wopezeka pokhala pamalo, komanso ndime 15 imene imalola umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo. Ameneyo asapitirire 2 pa 6. Koma musamulange kawiri: ngati pa nkhani ya kugulitsa waganiza bwino kuchokera pa cholakwa chakecho, malikisi a kumeneko ndi ake.

Mayankho achitsanzo muzilemba atatu, ndipo lapakati ndi limene lili ndi phindu. Lapamwamba aliyense amalizindikira, lapansinso chimodzimodzi. Mikangano ya ochonga imakhala pakati pa 8 ndi 12. Njira yachidule ndi kutenga mapepala a chaka chatha, kufufuta mayina, n'kuwasintha pang'ono. Ophunzira amalemba m'Chipwitikizi, apa ndangoika m'chinenero chathu, ndipo ndi chigawo choyamba chokha.

Loyamba likuti: "Mayi Nabanda ali ndi DUAT. Malowo anapatsidwa ndi nyakwawa motsatira mwambo mu 2006, zimene ndime 12 chilembo a imavomereza. Ngakhale wina atakana zimenezi, alima poyera kwa zaka 17 popanda wowaletsa, choncho chilembo b chikuwateteza. Kusowa chikalata sikuwachotsera kanthu, ndipo amayi olima nawo malire angathe kuchitira umboni malinga ndi ndime 15." Apa ndi 6. Pambali pake ndimalemba kuti: njira ziwiri, zaka zawerengedwa, umboni watchulidwa ndi anthu ake.

Lachiwiri likuti: "Malinga ndi ndime 12, DUAT imapezeka mwa mwambo, mwa kukhala zaka 10, kapena mwa kupempha. Ndime 13 imati kusowa chikalata sikuchotsa ufulu. Ndime 15 imalola mboni. Choncho mayi Nabanda ali ndi ufulu." Palibe cholakwa ngakhale chimodzi, ndipo wochonga wotopa amapereka 5. Ine ndimapereka 3: imodzi ya kuzindikira, 2 a lamulo, ziro pa kulumikiza. Chotsani dzina la mayiyo muikepo la munthu wina aliyense, yankholo silisintha. Ndi muyeso umenewu umene ndimauza ochonga anzanga kuti agwiritse ntchito akakayika.

Lachitatu likuti: "Mayiyu ndi wamasiye ndipo wavutikira mundawo zaka zambiri. Si bwino kumulanda. Koma poti alibe chikalata, mwini munda ndi wamalonda amene analipira." Apa ndi imodzi, ya kuona kuti vuto lili pa chikalata. Mawu oti "mwini munda" ndi chizindikiro cha mayankho ogula aja. Ndime 3 ya lamuloli ndi ndime 109 ya Malamulo Oyendetsera Dziko zimati malo ndi a boma, sagulitsidwa, sapinyolitsidwa.

Pa kugulitsa kwa alamu chitani chimodzimodzi. Kunena kuti malo sagulitsidwa ndiponso kuti siginecha ya nyakwawa sikusintha zimenezo kufike pa 3. Awiri otsalawo ndi a amene waona chitsime ndi kanyumba kaja. Ndime 16 imalola mwini DUAT kusamutsa zomangamanga ndi zina zimene waika pamalopo, koma kudzera m'chikalata cha kwa notariyo, boma litayamba lavomereza. Alamuwo si eni DUAT, ndipo kapepala ka pa khonde si chikalata chotero. Ophunzira ochepa okha ndi amene amafika pamenepa, n'chifukwa chake ndi pabwino posiyanitsira 14 ndi 17.

Pa mwambo, yembekezerani ndime 12 yomweyo pa mawu oti mwambo usatsutsane ndi Malamulo Oyendetsera Dziko, ndime 36 ya malamulowo yonena za kufanana kwa amuna ndi akazi, ndi ndime 16 imene imati DUAT imasiyidwa ngati chuma cha masiye mosayang'ana kuti wolandira ndi mwamuna kapena mkazi. Wina akalemba kuti mwa Achewa munda umatsata kuchikazi pomwe mwa Angoni umatsata kuchimuna, wanena zoona, koma malikisi alandire pokhapokha atasonyeza kuti yankho silisintha. Woona kuti mayiyu anaswa nawo mphanje, choncho ufulu wake sukudalira imfa ya amuna ake, mpatseni onse 4.

Chilolezo cha wamalonda n'chachidule. Msonkhano wa ndime 13 cholinga chake ndi kutsimikiza kuti malo alibe anthu, ndipo awa anali ndi mayi amene sanaitanidwe. Onjezani ndime 111 ya Malamulo Oyendetsera Dziko, imene imati boma popereka DUAT limateteza ufulu wopezeka pokhala pamalo kapena mwa chuma cha masiye. Kuti mahekitala osapitirira 1,000 amavomerezedwa kuchigawo, kapena kuti chilolezo chongoyembekezera cha nzika chimatha zaka 5, ndi zokometsera chabe, theka la malikisi likwanira. Malangizo: asonkhanitse mboni, akadandaule ku ofesi ya boma ya za malo, zikakanika apite kukhoti.

Musanayambe mulu wonse, tengani mapepala asanu, aliyense achonge payekha osalemba papepalapo, kenako mufananize. Mukasiyana kupitirira malikisi 2, konzani mawu a ndondomeko musanapitirize. Chongani nkhani imodzi m'mapepala onse musanapite ku ina. Ndondomeko ikwane tsamba limodzi, mayankho achitsanzo lina, ndipo mukasindikize nokha, osati pa shopu yoyandikana ndi sukulu.