Malizani mapiritsi onse a malungo ngakhale thupi lazizira

Mayi wina anabwera kuchipatala ndi mwana wake wa zaka zisanu thupi lili ngati moto. Atamupima magazi anamupeza ndi malungo, ndipo pa sikelo analemera makilogalamu 18. Anapatsidwa mapiritsi 12 a LA oti azimwa awiriawiri, kasanu ndi kamodzi, pa masiku atatu. Oyamba anamwera pomwepo Lolemba 10 koloko m'mawa, achiwiri 6 koloko madzulo, achitatu Lachiwiri m'mawa. Pofika masana a Lachiwiri mwana anali atadzuka, akupempha chakudya, akuthamanga pabwalo. Mayi anaona kuti ntchito yatha, ndipo mapiritsi asanu ndi limodzi otsalawo anawamanga m'kapepala kuti adzathandize tsiku lina. Patadutsa masabata awiri ndi theka anabweranso, mwana akunjenjemera, zikhatho zitayera chifukwa cha kuchepa kwa magazi. Iwo ankati wamulumanso udzudzu. Mwina. Koma nthawi zambiri zikachitika chonchi amakhala malungo omwe aja, amene sanathe m'thupi.

Udzudzu ukaluma munthu, tizirombo ta malungo timayamba tafika m'chiwindi, ndipo tikachoka mmenemo timalowa m'maselo ofiira a magazi. Kachirombo ka mtundu woopsa kwambiri, kotchedwa falisiparamu, kamakhala m'selo maola pafupifupi 48 kakudya ndi kugawikana, kenako selo limaphulika n'kutulutsa tizirombo tatsopano tolowa m'maselo ena. Kuphulikako ndi kumene kumautsa kutentha thupi ndi tsembwe. Ndipo thupi limayamba kutentha tizirombo tikachuluka kufika pa mlingo winawake. Tikachepa, munthu amamva bwinobwino ngakhale tidakali m'magazi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika.

Piritsi lililonse la LA, limene ena amalitcha AL, lili ndi mankhwala awiri: mamiligalamu 20 a atemetha ndi mamiligalamu 120 a lumefantirini. Atemetha ndi wa m'banja la atemisinini, mankhwala ochokera ku chomera chotchedwa Artemisia annua, amene Tu Youyou ndi anzake a ku China anawapatula mu 1972. Mphamvu yake ndi yodabwitsa: pa mzungulire umodzi wa maola 48, amatha kuchepetsa tizirombo moti mwa 10,000 pamatsala kamodzi. Koma sakhalitsa. Pakangopita maola owerengeka thupi limakhala litamuchotsa. Lumefantirini ndi wochedwa kugwira ntchito, koma amakhala m'magazi masiku ambiri, akusesa zimene mnzake wasiya.

Tiyeni tiwerenge. Tiyerekeze kuti wodwala ali ndi tizirombo 100 biliyoni m'thupi lonse, chiwerengero chimene munthu wamkulu wodwala kwambiri angakhale nacho. Mzungulire woyamba ukatha, atemetha wasiya 10 miliyoni. Munthuyo akumva bwino, mutu wasiya, wabwerera ku ntchito zake. Komatu 10 miliyoni si zero. Mapiritsi a tsiku lachitatu amagwira mzungulire wachiwiri, ndipo 10 miliyoni aja amatsika kufika pa 1,000 kapena kuchepera. Otsalawo ndi amene lumefantirini amamaliza m'masiku otsatira, munthu atasiya kale kumwa. N'chifukwa chake masiku ake ndi atatu, osati awiri. Kale anayesapo kupereka mankhwala omwewa kanayi kokha, ndipo malungo ankabwerera mwa anthu ochulukirapo kusiyana ndi amene anamwa kasanu ndi kamodzi.

Pali chinanso chimene anthu sachidziwa. Lumefantirini salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Tsiku loyamba wodwala amakana kudya, ndiye kuti mapiritsi oyambawo amalowa pang'ono chabe. Chilakolako cha chakudya chikabwerera, mapiritsi omalizirawo ndi amene amalowa bwino n'kuunjika mankhwala okwanira kukhala m'magazi sabata yonse. Wosiya pakati amataya mapiritsi amene akanamuthandiza kwambiri. Choncho mwetsani mapiritsi ndi mkaka, kapena wodwala atangodya chakudya chothira mafuta ngakhale pang'ono. Khanda liyamwe bere. Ngati wodwala akukaniratu kudya, musadikire, amwe basi.

Mlingo umatengera kulemera kwa thupi. Wolemera makilogalamu 5 mpaka osafika 15 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, kuyambira 15 mpaka osafika 25 awiri, kuyambira 25 mpaka osafika 35 atatu, ndipo kuyambira 35 kupita m'mwamba anayi, kutanthauza mapiritsi 24 onse pamodzi. Achiwiri amamwedwa patatha maola 8 chimwereni oyamba, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri. Pali mapaketi ena amene piritsi limodzi lili ndi mlingo wa mapiritsi anayi, choncho funsani wopereka mankhwala akuwerengereni musanachoke. Mwana akasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, mupatseninso, ndipo mubwerere kuchipatala kukatenga olowa m'malo mwa amene asanzidwawo. Ambiri amabwereza bwinobwino koma n'kuiwala kuti paketi yaperewera, mwana n'kumwa kasanu kokha. Mukaiwala nthawi, mwetsani pamene mwakumbukirapo n'kupitiriza mpaka onse athe, osaphatikiza milingo iwiri nthawi imodzi.

Za mapiritsi osungidwa m'kapepala aja, ine ndimaziona ngati kulakwa kuwiri. Wodwala woyamba sanachire, ndipo amene adzapatsidwe otsalawo adzamwa theka la mankhwala, mwinanso asanapimidwe n'komwe, pomwe kutentha thupi kwakeko kungakhale chibayo kapena matenda ena.

Tizirombo topulumuka timakhala tikusambira m'mankhwala ochepa mphamvu, osakwanira kutipha. Mmenemo ndi mmene tizirombo tolimba timapezera mpata wochulukana, ndipo udzudzu ukaluma munthuyo umatha kutitengera kwa ena. Ndi mmene kolorokwini anathera mphamvu m'mayiko ambiri. Tizirombo tochedwa kufa ndi atemisinini tinaonekera kumadzulo kwa Cambodia m'zaka za m'ma 2000, ndipo tapezekanso ku Rwanda, Uganda ndi Eritrea. Mapiritsiwa akuchiritsabe bwino malinga ngati mankhwala achiwiri aja, lumefantirini, akugwira ntchito, ndipo mankhwala achiwiriwo ndi amene timawasiya okha tikadula kumwa pakati.

Nanga mungadziwe bwanji kuti mankhwala sanagwire? Ngati thupi likutenthabe pa tsiku lachitatu, kapena lazizira n'kuyambiranso pasanathe masiku 28, bwererani kuchipatala ndipo munene zoona za mmene munamwera. Palibe wokukalipirani, koma dokotala ayenera kudziwa ngati mankhwala alephera kapena sanamalizidwe, chifukwa chithandizo chake chimasiyana. Kachipangizo kopimira malungo pa chala kamatha kusonyeza mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale, ndiye pa nthawi imeneyi magazi amafunika kuwaona pa maikolosikopu.

Mapiritsiwa ndi a malungo osafika poopsa. Wodwala akamakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kumwa kapena kuyamwa, akalefuka osatha kukhala tsonga, akamapuma movutikira kapena kukodza mkodzo wakuda, musamukakamize kumeza piritsi. Thamangirani naye kuchipatala, kumene adzamubaya jakisoni wa atesuneti kwa maola osachepera 24. Akayamba kumeza, adzapatsidwabe mapiritsi a masiku atatu athunthu, ndipo nawonso ayenera kuwamaliza.